Makeni a Bambo Ndionetu

Dzina loti Ndionetu anawapatsa ndi anzawo a pamsika, ndipo linawakhala. Ukawauza kuti kunja kukugwa mvula, ankatulutsa dzanja pazenera. Ukawapatsa chenji, ankawerenga kawiri, kenako n'kukuyang'ana kumaso ngati wawabisira ina m'kamwa. Mawu awo oyamba pa nkhani iliyonse anali omwewo: "Ndionetu."

Anali mmisiri wokhoma zidebe. Shedi yawo inali kuseri kwa msika, yofolera ndi zidutswa za malata, ndipo mkati munali chitsulo cha njanji chokhomerapo, sizasi yaikulu, nyundo zitatu ndi mbaula yotenthetsera chitsulo chowotcherera. Ankapanga ndowa, mafanelo ndi zina, koma chimene chinawatchukitsa ndi makeni othirira mbewu. Keni yawo sinkadontha. Iliyonse ankaidzaza madzi n'kuiimika pa pepala la nyuzi kwa ola lathunthu asanaigulitse, chifukwa ngakhale manja awo omwe sankawakhulupirira kwenikweni.

Tisawanenere zoipa zokhazokha, khalidweli linali ndi pochokera. Ali mnyamata, atangoyamba kudziimira paokha, wagolosale wina anawagulitsa malata opyapyala pa mtengo wa ochindikala. Ndowa zonse zinabwerera zitapindika, anthu akuwatukwana. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kukhulupirira pakamwa pa munthu. Ankakonda kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankalowa m'shedimo osagogoda: mlamu wawo, mchimwene wamng'ono wa akazi awo. Iyeyu anabwera pakhomo pawo ali wamng'ono, iwo n'kumulipirira sukulu mpaka pomwe mutu wake unalekezera. Tsopano anali bambo wa ana atatu, ndipo anagwirapo ntchito ya ukondakitala pa basi yodutsa malire zaka zisanu ndi chimodzi. Anali woseka, wodziwa kulemba msanga, wodziwana ndi aliyense. A Ndionetu ankamukonda, ngakhale sakanavomera zimenezo pagulu. Akadya chilichonse m'shedimo ankamusiyirako.

Mlamuyu ndi amene anabweretsa nkhani ya kutsidya.

"Alamu, kutsidya kuja anthu a madimba akuvutika ndi makeni apulasitiki. Miyezi iwiri padzuwa, asweka. Anuwa atawaona angalimbirane."

"Ndionetu. Nanga ngati n'zoona, bwanji amisiri akumeneko sakupanga?"

"Malata kumeneko ndi odula."

"Nanga inu mupindulapo chiyani?"

"Mundipatsa yanga ya mayendedwe, basi. Kapena mukufuna ndilumbire?"

Anaganiza mwezi wathunthu. Malonda a pamsika anali atazilala, amisiri achuluka, moti pomaliza anakhoma makeni makumi awiri, n'kukatenga chiphaso chodutsira malire, n'kukwera basi limodzi ndi mlamu wawo. Makeniwo anawamangirira pamwamba, ndipo basi ikaima paliponse iwo ankatsika kukawawerenga.

Atangotsika pachipata cha m'malire, madobadoba anawazungulira. Wina anati awadutsitsa katunduyo njira ya kutchire popanda pepala lililonse. Wina anati ali ndi mbale wake mkati mwa ofesi. A Ndionetu anangokumbatira chikwama chawo. Mlamu wawo anawakokera ku kachipinda kena kapafupi ndi ofesi ya msonkho, komwe kunali mayi wovala magalasi, tebulo, ndi mapepala omatidwa pakhoma. Mayiyu ntchito yake inali yothandiza amalonda ang'onoang'ono kulemba mafomu.

Anawafotokozera bwinobwino. Maiko awiriwa anagwirizana mndandanda wa katundu amene angadutse popanda msonkho wa pachipata, bola akhale wopangidwa m'dziko mwawo ndiponso mtengo wake wonse usapitirire malire ena ake. Makeni anali pa mndandandawo. Pankafunika fomu yaifupi yonena kuti katundu ndi chiyani, ndi wochuluka bwanji, wa ndalama zingati, ndi setifiketi yosonyeza kuti katunduyo anapangidwa kuno, yomwe a msonkho amadinda. Kutsidya akalipirabe msonkho wa malonda umene aliyense amalipira kumeneko, ndi kandalama ka fomu. Zonsezo azipatsidwa lisiti.

"Inuyo tikulipirani zingati?" anafunsa a Ndionetu.

"Ine palibe, bambo."

Apa m'pamene nkhope yawo inasintha. Wakuba wopempha ndalama ankamumvetsa, koma munthu wokana ndalama ankawaopsa. Ananong'oneza mlamu wawo kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mayiyo atafunsa kumene amagula malata, iwo anayankha kuti ku sitolo. Atafunsa mtengo wa keni imodzi, anayang'ana kudenga.

"Tilembe theka," ananong'onanso. "Akadziwa mtengo weniweni atidya."

Mayiyo anamva. "Bambo, a msonkho aja mitengo amaidziwa. Mukalemba wabodza adzaika wawo, n'kukulipiritsani chindapusa, mwinanso katundu n'kugona pano. Lembani woona."

Mlamu analemba woona. Zidindo zinagwa, msonkho wakutsidya unalipiridwa, malisiti anaperekedwa, ndipo palibe amene anawatsekereza. A Ndionetu anadutsa chipata chachiwiri akucheuka, akudikira kuti wina awaitane. Zinawawawa pang'ono kuti palibe anawaitana.

Za mtengo anali atakonzekera, poti munthu wokayikira salephera masamu. Pa chikatoni analemba zonse: lata, mtovu wowotcherera, makala, basi, msonkho, chakudya cha panjira. Keni imodzi kufika kutsidya inkawadyera 4,000 ya kwathu. Ankafuna phindu la 1,000. Tsiku limenelo ndalama imodzi yakutsidya inkasinthidwa ndi khumi za kwathu, choncho anaika keni pa 500 yakutsidya. Makeni makumi awiri aja anatha lisanapendeke dzuwa. Pobwerera anasintha ndalamazo pa kawindo ka osintha ndalama ovomerezeka, imodzi pa khumi, n'kupeza zonse zili ndendende monga pa chikatoni. Anawerenga katatu. M'basi anamugulira mlamu wawo botolo la zakumwa osapemphedwa.

Koma tsiku lomwelo, asananyamuke kutsidya, panachitika chinthu chimene chinadzawapweteka. Mayi wina wa sitolo ya zipangizo zaulimi anagwira keni imodzi, n'kuigogoda, n'kunena kuti akufuna makumi asanu ndi limodzi pakatha masabata asanu ndi limodzi. Anali mayi wodziwa malonda, ndipo analankhula mosabisa.

"Bambo, ndalama yathu masiku ano sikugona malo amodzi. Ndikupatseni theka lero mukagulire malata. Kapena mtengo tidzakambirane tsiku lomwe mudzabweretse."

A Ndionetu anamva zina. Ndalama yapatsogolo anaiona ngati chingwe chowamangira, kuti keni imodzi ikadzapindika mayiyo adzawakokere ku polisi. Mtengo wosiya poyera anauona ngati khomo loti adzawatsitse katundu atafika kale, pamene sangabwerere naye. Mlamu wawo anawakokera pambali.

"Alamu, landirani thekalo, tikasinthe lero lomwe. Mukakana, ndiye lembani mtengowo m'ndalama ya kwathu, 5,000, iwo adzalipire molingana ndi reti, mtengo wosinthira ndalama wa tsikulo."

"Mwayamba liti kugwirizana ndi mayi ameneyu? Mumadziwana?"

"Ndawaona lero, ngati inu nomwe."

"Ndionetu."

Anaitanitsa pepala. Analembetsa kuti makeni makumi asanu ndi limodzi, iliyonse 500 ya ndalama yakutsidya, osachotsa osawonjezera, kulipira katundu akafika. Mayiyo anasaina, iwo anasaina, mlamu anakhala mboni. Anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la mkati akumwetulira, poganiza kuti amutsekera mayiyo njira zonse. Sanadziwe kuti chitseko chimenecho adzitsekera okha.

Mpamba wawo wonse unalowa m'malata. Anakhoma masabata asanu osapuma, pamsika osagulitsa kanthu. Kutatsala masiku atatu, mtovu wosungunuka unawatayikira pa phazi. Linatupa ngati dzungu, nsapato osalowa, ndipo a kuchipatala anawaletsa kuyenda ulendo. Anayesa kuima n'kugwera pa mpando. Akazi awo, amene zaka zonsezi anaphunzira kusankha nthawi yolankhula, anangoti, "Bambo, mchimwene wanga si alipo?"

Anavomera ngati munthu womeza mankhwala owawa. Anamuwerengera makeni imodziimodzi, n'kumuuza kuti abwere ndi 300,000 ya kwathu, poti 30,000 yakutsidya kuchulukitsa ndi khumi sifuna sukulu.

Mlamu anabwera tsiku lachiwiri madzulo, fumbi mpaka m'nsidze. Sanaseke monga mwa masiku onse. Anapeza banja lonse pabalaza, ngakhalenso mkazi wake ndi ana ake awiri amene anabwera kudzazonda wodwala. Anakhala pansi n'kutulutsa mitolo iwiri.

"Alamu, katundu wafika bwino, mayi aja alipira yonse, 30,000. Koma ndalama yawo yagwa. Imodzi ikusinthidwa ndi zisanu ndi zitatu, osati khumi. Ndinasintha theka kuti mupeze yogulira malata, ndi iyi, 120,000. Theka linali ndinaopa kusintha ndekha, ndabwera nalo momwemo kuti muone nokha chochita. Koma ine ndikanati tisinthe msanga, akuti ikutsikabe."

A Ndionetu anawerenga mtolo woyambawo. Anawerenganso. Pa theka limenelo ankayembekeza 150,000.

"Yatsala 30,000."

"Ndi reti, alamu. Lisiti ndi ili."

Sanalilandire. Zonse zimene anazisunga mumtima zinabwera pamodzi: kunong'onezana kwa mlamuyo ndi mayi wa sitolo, moni amene ankapatsana ndi anyamata osintha ndalama pachipata, nsapato zatsopano zimene anaona mwana wake wamkulu atavala. Galu wamkota sakandira pachabe, anadziuza motero.

"Lisiti amalemba ndi munthu. Ukamugulira botolo amalemba chimene ukufuna."

Aliyense anamva kuti asiya kumutchula mlamuyo kuti inu.

"Bambo," anatero akazi awo.

"Ayi, ndisiyeni. Ndalama imagwa ngati mango? Masabata asanu ndi limodzi okha? Iwe ndinakulera m'nyumba muno, ndinakugulira yunifolomu, lero ukundidya ndili chigonere. Ukanangopempha."

Mlamu anayang'ana ana ake, amene anali atasiya kutafuna. Kenako anaika lisitilo pa tebulo, n'kulitsamiza ndi kapu kuti lisauluke.

"Ya mayendedwe ija musandipatse. Tiyeni, ana inu."

Anatuluka osamenyetsa chitseko. Zimenezo a Ndionetu anazitenganso ngati umboni, poti munthu wosalakwa, m'maganizo mwawo, akanakalipa.

Mtolo wa ndalama zakutsidya uja anauika m'chitini chimene anachikhoma okha, chokhala ndi loko, kiyi n'kumumangirira m'khosi. Anati phazi likapola apita okha akasinthe pa khumi, abwere adzamuonetse mnyamatayo manyazi ake pamaso pa anthu omwewo. Lisiti lija akazi awo analiika m'kabati. Masabata atatu otsatira m'nyumbamo munali mozizira. Chakudya chinkabwera pa nthawi yake, madzi osamba ankafunda, koma mawu anali a "ee" ndi "ayi" basi. Ku shedi kunalibe wolowa osagogoda. Nthawi zina ankapezeka atasiya theka la chimene akudya, kenako n'kukumbuka kuti palibe womusiyira.

Phazi litalola nsapato, anakwera basi yam'mawa. Pa kawindo ka osintha ndalama panali bolodi ya manambala m'mizere iwiri. Anaona pena palembedwa 7.6, koma anadzilimbitsa kuti mwina ndi za ndalama ya dziko lina. Anapereka mtolowo. Mtsikana wa pawindo anauwerenga pa makina.

"105,000, bambo."

"Bwanji?"

"Tikugula pa seveni."

"Apo mwalemba 7.6."

"Umenewo ndi mtengo wogulitsira, mukafuna kugula kwa ife. Inu mukutigulitsa, ndiye ndi mzere uwu."

Analanda ndalama zawo. Anapita pa kawindo kena, n'kupeza seveni yemweyo. Analowa mu banki, anaima pamzere ola lathunthu, n'kuuzidwa zocheperako. Panja mnyamata wina wa mtolo m'manja anawalonjeza naini, koma iwo anaona mmene zala zake zinkathamangira powerenga, ndi mnzake amene anaima kumbuyo kwawo, n'kuchokapo. Pamenepo kukayikira kwawo kunawathandiza, tivomereze. Koma anayambanso kuganiza kuti pachipata ponse apangana, mwina mlamu wawo anadutsa n'kuwauza.

Anakathera m'kachipinda ka mayi wa magalasi uja, poti ndi yekhayo amene sanawapemphepo kanthu. Anamuyalira nkhani yonse, osatchula za mlamu. Mayiyo anatsegula kope limene ankalembamo reti ya tsiku lililonse pothandiza amalonda kuwerengera mitengo pa mafomu. Anawatembenuzira kuti aone okha. Tsiku la ulendo woyamba, khumi. Anatsika ndi chala. Naini ndi theka. Naini. Tsiku limene mlamu anabwera ndi makeni, eyiti. Lero, seveni.

"Si inu nokha, bambo. Amene anapangana mitengo m'ndalama yakutsidya onse akulira. Ulendo wina muzilemba m'ndalama imene mumagulira malata, kapena muzilandirako ina patsogolo n'kusintha tsiku lomwelo. Ndipo pa mtengo muzisiyako mpata, ndalama ikatsika musamire. Anzanu aja ndinawauza tsiku lija. Anakhala pa benchi apo nthawi yaitali, akuti sakudziwa akakuuzani bwanji."

A Ndionetu anayang'ana benchilo. Linali benchi wamba, mwendo umodzi wochirikizidwa ndi njerwa.

Anabwerera pa kawindo koyamba n'kusintha pa seveni. Analandira 105,000 ndi lisiti, lofanana ndendende ndi lija lili m'kabati, chidindo chomwecho, dzina la kawindo lomwelo. Ali m'basi anachita masamu pa chikatoni chawo. Pa theka limene anasintha mlamu, keni inabweza 4,000, phindu palibe koma mpamba wabwerera. Pa theka limene anasunga iwo, keni inabweza 3,500. Chitini chinali chokhoma, kiyi anali m'khosi mwawo usana ndi usiku, palibe anachikhudza, koma 15,000 inachokamo. Amene anataya ndalama zambiri pa awiriwo anali iwo. Manyazi anawagwira mpaka anavula chipewa n'kuchiika pa maondo.

Sanapite kunyumba. Anatsikira kwa mlamu wawo, n'kumupeza pakhonde akukonza njinga. Mlamuyo anaimirira, anawapatsa mpando, anafunsa za phazi. Ulemu wonse unalipo, ndipo ndi umene unawawawa kwambiri.

"Alamu, ndachokera kuchipata." Anatulutsa lisiti lawo. "Ndasintha pa seveni. Inu munanena zoona. Ndinalakwa."

Mlamu analandira kapepalako, anakayang'ana pang'ono, n'kukabweza.

"Ndamva, alamu. Pepani ndi ndalama zanu."

"Mayi aja angafunenso ena. Tikanapitanso limodzi. Mtengo muzikaika ndinu."

"Ndinayamba ntchito pa lole ya simenti. Nthawi ndilibe." Anapukuta manja pa kansanza. "Mukanandiitanira kuseri n'kundifunsa, ngakhale kundimenya, bwenzi zitatha. Koma mwana wanga wamkulu anandifunsa panjira tsiku lija kuti, adadi, ndalama za ankolo munazibisa kuti? Nsapato zake zija wasiya kuvala. Lisiti limeneli kamuonetseni iyeyo, mwina inu akukhulupirirani."

Mwanayo anali pakhomo, akusuzumira. A Ndionetu anamuitana. Anamuonetsa kapepalako, anamufotokozera za khumi, za eyiti ndi za seveni, anamuuza kuti bambo ake sanatenge kanthu, wolakwa ndi iwo. Mwanayo anamvetsera mwaulemu, manja kumbuyo. Anali wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo za reti sanamvepo kanthu. Chimene anachimva bwino ndi chija chinanenedwa pabalaza. Madzi akatayika sawoleka.

Malonda akutsidya sanathe. A Ndionetu anakhomanso makeni makumi atatu ndi mpamba umene unatsala. Masiku ano mtengo amalemba m'ndalama ya kwathu, amalandira theka patsogolo, ndipo ndalama yakutsidya sagona nayo ngakhale usiku umodzi. Mayi wa sitolo uja amati ndi wamalonda wochenjera. Kunyumba akazi awo anayambanso kuwalankhula, ngakhale dzina la mchimwene wawo salitchula iwo ali pomwepo. Pa maliro ndi pa maukwati mlamu amawapatsa moni wa manja awiri, n'kukakhala mbali ina.

Fomu amalemba okha tsopano, pa benchi lija, magalasi ali pamphuno, chilembo chimodzichimodzi, anthu a pamzere akung'ung'udza. Ulendo wina mayi wa magalasi, powalandira pepalalo, anafunsa kuti anzawo olemba msanga aja ali kuti.

"Atanganidwa," anatero a Ndionetu.

Lole ya simenti inali itaima panja pa chipata, ikudikira zidindo. Anatuluka n'kukaima pafupi ndi makeni awo, akuyang'ana amene atsikemo. Anatsika munthu wina wachilendo.